Kukonza nkhani ya kalaliki ndi makalata a m'dirowa

Lipotili ndi la ntchito yomwe ndinagwira pa nkhani yaifupi imodzi, kuyambira pamene inandipeza mpaka pamene ine ndi mwini wake tinaisiya kuti ipite kwa owerenga. Ndine mkonzi wa nkhani zopeka, ndipo vuto lomwe linali m'nkhaniyi ndimalipeza kawirikawiri kwa alembi omwe akulemba za m'maofesi a boma asanakhalepo kuseri kwa kauntala. Mlembi wake, mtsikana yemwe aka kanali koyamba kutumiza nkhani kwa mkonzi, wandilola kuonetsa zigawo zina. Dzina lake sindilitchula.

Momwe nkhani inabwerera

Inali ya mawu pafupifupi 3,400. Kalaliki wachinyamata wangoyamba ntchito pa ofesi ya bwanamkubwa, m'boma lomwe silikutchulidwa dzina. Tsiku lina akufunafuna cholembera, akukoka dirowa ya pansi ya desiki yake, yomwe inkavuta kutsegula, ndipo akupezamo makalata 47 a anthu opempha thandizo, ena olembedwa mu 2004. Akuwawerenga usiku wonse akulira. M'mawa mwake akuyamba kuyenda m'midzi kufunafuna eni ake. Pofika kumapeto mayi wamasiye walandira ndalama za mwamuna wake, mkangano wa malire a munda watha, mwana wapeza womulipirira sukulu, mjigo wakonzedwa, ndipo kalaliki wakale yemwe anabisa makalatawo, munthu waulesi ndi wokonda ziphuphu, wachotsedwa ntchito.

Chomwe chinandichititsa kuti ndisaibweze msanga chinali makalatawo. Mtsikanayu ali ndi khutu. Ankadziwa momwe munthu wosazolowera kulemba amayambira kalata yopita kwa akuluakulu, kupepesa asanalakwe, kubwereza dzina la mudzi kawiri poopa kuti angamusokoneze ndi wina, kenako n'kutchula chomwe akufuna m'chiganizo chimodzi chokha chakumapeto. Kalata ya mayi wamasiye inali ndi mzere uwu: "Sindikudandaula za kuchedwa ayi, ndikungofuna kudziwa ngati ndidikirebe." Munthu wotha kulemba mzere wotere ndi woyenera kumutayira nthawi.

Koma nkhani yozungulira makalatawo inali yofooka. Chodabwitsa chonse chinathera pa tsamba loyamba, pamene dirowa inatseguka, ndipo masamba otsalawo anali ogawa zabwino basi. Kalaliki sanali pa chiopsezo chilichonse, sanakayikepo, sanatayepo kanthu. Komanso ankachita zinthu zomwe kalaliki sangachite. Kalaliki salipira ndalama za masiye, saweruza za malire, satuma amisiri kukakonza mjigo. Aliyense yemwe anaimapo pa mzere pa ofesi ya boma akanaona zimenezi pa tsamba lachitatu n'kusiya kuikhulupirira nkhaniyo.

Panalinso zolakwika ziwiri za zaka, zomwe ndizitchule mwachidule chifukwa n'zosavuta kukonza. Kalata ya 2004 inali ndi nambala ya chiphaso cha unzika, pamene kalembera wamkulu wa ziphasozi m'Malawi anachitika mu 2017. Kalata yomweyo inkatchula lamulo la chuma cha masiye la 2011, pamene nthawi imeneyo lomwe linkagwira ntchito linali la 1967. Zoterezi owerenga ambiri saziona, koma mmodzi akaziona amauza anzake.

Funso la a kalaliki opuma

Ndisanalembe ndemanga zanga ndinapempha mlembiyo kuti tikaonane ndi bambo wina yemwe anagwira ntchito m'chipinda cha mafayilo mpaka anapuma. Anawerenga masamba awiri oyamba, n'kuvula magalasi.

"Mwanangu, makalata akowa ali ndi chidindo?"

"Chidindo chanji, agogo?"

"Cha deti. Chosonyeza tsiku lomwe analandiridwa."

Mtsikanayo sanaganizepo za izi. Bamboyo anati popanda yankho la funso limeneli sangadziwe kuti nkhaniyo ikukamba za mlandu wanji, chifukwa kalata yodindidwa yopezeka m'dirowa ndi kalata yosadindidwa yopezeka m'dirowa ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri.

Anatifotokozera njira yomwe kalata imayenda. Ikafika, kaya pa positi kaya pa manja, imatsegulidwa n'kudindidwa deti la tsikulo. Kenako imalembedwa m'kaundula wa makalata obwera: nambala yake yotsatana ndi yam'mbuyo, tsiku lolandirira, tsiku lomwe mwini wake analemba, yemwe watumiza, mutu wake, ndi fayilo yomwe ikupitamo. Ikalowa m'fayilo imapatsidwa nambala ya tsamba pakona, ndipo fayiloyo imatumizidwa kwa wogwira ntchito woyenera, dzina lake n'kulembedwa kuti adziwe komwe yapita. Ngati nkhaniyo siingathe tsiku lomwelo, wogwira ntchitoyo amalemba zilembo za BU ndi deti loti fayilo idzabwezedwe pa desiki pake, ndipo a m'chipinda cha mafayilo amasunga detilo m'buku lawo.

Tanthauzo lake n'lakuti kalata yomwe inadindidwa n'kulowa m'kaundula imasiya mapazi. Ikasowa, munthu akhoza kutsegula buku n'kunena kuti inafika tsiku lakuti, inapita kwa uje. Koma kalata yomwe sinalowe m'kaundula, kwa ofesi sinafike. Mwini wake akabwera kudzafunsa, kalaliki amatsegula buku, amayendetsa chala mzere ndi mzere, saipeza, ndipo amanena zoona ndithu akati, "Kuno sitinalandire." Palibe yemwe akunama, komabe kalatayo ili m'chipinda chomwecho.

Apa ndi pamene ndinaona kuti nkhani yeniyeni ili. Tinagwirizana kuti makalata a m'dirowa akhale osadindidwa.

Chifukwa chomwe analowera m'dirowa

Mlembiyo anafunsa ngati ulesi ndi ziphuphu si zifukwa zokwanira. Bamboyo sanakane kuti zoterezi zimachitika. Koma anati munthu wofuna kubisa kalata saisunga m'desiki yomwe wina adzakhalapo, amaing'amba. Makalata omwe amakhalitsa m'dirowa nthawi zambiri amakhala aja ovuta, omwe kalaliki sanadziwe kowaika. Ina ilibe fayilo yake, ikufunika kutsegulirana yatsopano, koma zikuto za mafayilo zatha. Ina inayenera kupita ku ofesi ina ndipo mwini wake anaibweretsa kolakwika. Ina ikusowa pepala limodzi loti liperekeze, monga umboni wa imfa, ndipo kalaliki anauza munthuyo kuti, "Siyani kalatayi, mukabweretsa chinacho tidzazilowetsa pamodzi." Zonsezi zimayamba ngati chifundo kapena ngati kudikira kwa masiku awiri. Kenako kalalikiyo amasamutsidwa, posiyirana ntchito amalemba za mafayilo, makiyi ndi zidindo, koma za dirowa amaiwala kapena amachita nazo manyazi.

Izi zinasintha kalaliki wakale kukhala munthu. Ndinalangiza kuti asaoneke n'komwe m'nkhaniyo, amveke kudzera m'zomwe analemba ndi pensulo m'mphepete mwa makalata. Mlembiyo anatenga ganizoli n'kulipititsa patali kuposa momwe ndinkaganizira. Pa kalata ya mayi wamasiye anaikapo madeti asanu a pensulo, otsetsereka m'mphepete, lililonse lili ndi mawu amodzi kapena awiri: "abwera," "abweranso," "umboni sunapezeke," "ndawauza Lachinayi," "abweranso." Madetiwo akutalikirana pang'onopang'ono, kenako akusiya. Wowerenga safunika kuuzidwa kuti munthuyu ankavutika mumtima, kapena kuti mayiyo anayamba kutopa. Akuziona yekha m'mipata ya pakati pa madeti.

Tinachotsanso ziphuphu. Osati chifukwa ndimaopa nkhani za katangale, koma chifukwa m'nkhani iyi zinkapatsa wowerenga pothawira. Akangodziwa kuti panali munthu woipa mmodzi, mtima wake umakhala pansi, amadikira kuti woipayo alangidwe. Nkhani yoti anthu abwinobwino, ochita ntchito yawo mwa masiku onse, angataye zaka za munthu wina ndi yosautsa kwambiri, ndipo ndi yomwe mlembiyu anali nayo m'manja osadziwa.

Kusintha kwina kunachokera kwa mlembi mwini, ndipo ndikuona kuti ndi kumene kunapulumutsa nkhani. Anati ngati kaundula sakusonyeza kalatayo, ndiye kuti kalaliki watsopanoyu nayenso anabwezapo mayiyo. Choncho anasiya zoti wangoyamba ntchito, n'kumupatsa miyezi isanu ndi itatu pa desikiyo. Pa miyezi imeneyi mayiyo anabwera, iye anatsegula buku, sanapeze kanthu, n'kumuuza mwaulemu kuti mwina anapereka ku ofesi ina. Pamene ankanena zimenezo bondo lake linali litatsamira dirowa momwe munali kalatayo. Tsopano akapeza makalata sakupeza mlandu wa wina yekha.

Kuchepetsa makalata ndi zaka

Makalata 47 anali ambiri. M'nkhani ya mawu 2,000 kapena 3,000 wowerenga angasunge m'mutu anthu atatu, mwina anayi, ndipo akapitirira apo amasanduka mndandanda. Tinasiya makalata 23 m'dirowa, koma owerengedwa ndi atatu okha. Ya mayi wamasiye ikuwerengedwa yonse. Ya mjigo ikutchulidwa m'mizere iwiri, chifukwa kalaliki akudziwa kuti mjigowo unakonzedwa kale ndi ena, ndiye kalatayo yafa yokha. Yachitatu ndi ya bambo wopempha kuti adziwe chifukwa chomwe dzina lake linachotsedwera pa mndandanda wa thandizo, yolembedwa ndi munthu wina, pansi pali chidindo cha chala. Kalaliki sakudziwa ngati bamboyo ali moyo, ndipo nkhani siyankha.

Zaka nazo tinazifupikitsa. Kalata ya zaka makumi awiri imabweretsa chisoni, koma siifuna kuti wina achitepo kanthu lero, chifukwa ambiri mwa eni ake anamwalira, anasamuka, kapena anapeza njira ina. Kalata ya zaka ziwiri kapena zitatu ikadali yamoyo. Mwini wake akhoza kulowa pakhomo mawa. Tinaika kuti yakale kwambiri ndi ya zaka zitatu, yatsopano kwambiri ndi ya miyezi khumi, ndipo zolakwika za chiphaso ndi lamulo zija zinatha zokha.

Pa maonekedwe a mapepalawo mlembi analemba poyamba kuti anali "akale ndi afumbi." Ndinamupempha kuti akatenge mapepala enieni omwe akhala m'kabati nthawi yaitali awayang'ane. Anabwera ndi zinthu ziwiri zomwe zinalowa m'nkhani: kachitsulo komangira mapepala kamachita dzimbiri n'kusiya chizindikiro chofiirira pa pepala la pamwamba pake, ndipo pepala lomwe linapindidwa panayi kuti likwane m'thumba siliwongoka, limangodzipinda ukalisiya. Fumbi tinalichotsa. M'dirowa yotsekedwa simulowa fumbi lambiri.

Chigawo cha chidindo

Ntchito yaikulu inali pa chigawo chimodzi chomwe poyamba kunalibe. M'malo mwa usiku wolira ndi ulendo wa m'midzi, ndinafuna kuti kalaliki akhale pa desiki pake, anzake ataweruka, makalata ali patsogolo pake, chidindo chili m'manja. Funso lake ndi laling'ono ndipo ndi la kalaliki weniweni: adinde deti liti?

Chidindo cha deti chimakhala ndi malamba a labala omwe amazunguliridwa ndi chala, la tsiku, la mwezi ndi la chaka, ndipo lamba wa chaka amakhala ndi zaka zingapo. Kubweza deti m'mbuyo n'kosavuta. Ngati atabweza, kalatayo idzaoneka ngati inalandiridwa pa nthawi yake, ndipo mayiyo sadzaoneka ngati anachedwa. Mlembi ankafuna kuti kalaliki achite zimenezi, poona kuti ndi chilungamo kwa mayiyo. Bambo opuma aja anapukusa mutu. Kaundula ndi buku losokedwa, manambala ake ndi otsatana, ndipo pa tsamba la zaka zitatu zapitazo palibe mzere wopanda kanthu woti alowetsepo kalata. Chidindo cha kale pa kalata yosapezeka m'buku la kale chimaulula chinyengo tsiku lomwe wina adzafananitse ziwirizi, ndipo dzanja lodinda ndi lomwe lidzayankhe. Kuonjezera apo, akabweza deti ndiye kuti akunena kuti kalatayo inalandiridwa bwinobwino n'kutayika pambuyo pake, zomwe zimakankhira mlandu kwa anthu omwe sanaione n'komwe.

Njira yachiwiri ndi kudinda deti la lero n'kulowetsa makalatawo mwakachetechete pakati pa omwe afika lero. Iyi ndi yomwe ambiri angasankhe, chifukwa makalata amayamba kuyenda ndipo palibe wofunsidwa. Koma imafufuta zaka zitatu zija. Wowerenga fayilo adzaona kalata yolembedwa kale yomwe yafika lero, ndipo adzaganiza kuti mayiyo anaisunga kunyumba. Kuchedwa kwa ofesi kwasanduka kuchedwa kwake.

Yachitatu ndi kutseka dirowa. Ndinaumirira kuti njira imeneyi ikhale yokopa ndithu, asaitaye m'chiganizo chimodzi ngati munthu wopanda tchimo. Palibe yemwe akudziwa kuti watsegula. Kalaliki wakale uja tsopano ali pa udindo wokulirapo ku ofesi ina, ndipo ndi yemwe anamuphunzitsa ntchito sabata yake yoyamba. Mkulu wa chipinda cha mafayilo ndi yemwe anasainira kuti kusiyirana ntchito kunayenda bwino. Kuulula dirowa n'kuulula anthu awiriwa, ndi iye mwini yemwe wakhala pamenepo miyezi isanu ndi itatu.

Njira yoyenera pa ntchito, monga anatiuzira bamboyo, siyosangalatsa kuiwerenga. Udinda deti la lero, chifukwa ndi lero lomwe makalata alowa m'dongosolo. Ulowetsa iliyonse m'kaundula, ndipo m'danga la ndemanga ulemba komwe yapezeka ndi tsiku lomwe mwini wake anailemba. Sufufuta zolemba za pensulo, chifukwa ndi umboni wokhawo woti munthu anabwera. Ulemba mndandanda wa makalata onse, n'kuupereka kwa mkulu wako ndi memo yaifupi, ndipo usunga kope yako. Zotsatira zake si zako. Ntchito ya mlembi inali yosandutsa zimenezi kukhala chigawo chomwe wowerenga angapume nacho movutikira.

Poyesa koyamba analemba chonchi: "Anaganiza kwambiri za chilungamo. Mtima wake unamuuza kuti choonadi chiyenera kudziwika ngakhale zitavuta bwanji. Analimba mtima ndipo anasankha kuchita chabwino." Ndinamuuza kuti m'ziganizo zitatuzi mulibe chinthu chomwe munthu angachione kapena kuchigwira, ndipo zikhoza kulowa m'nkhani ina iliyonse. Ndinamupempha kuti asalembe mawu oti chilungamo kapena choonadi pa tsamba limenelo, angotsatira manja a kalalikiyo. Chomwe anabweretsa ndi ichi:

"Anazunguliza lamba wa chaka kamodzi, kawiri, katatu. Manambala akalewo anali akuda ndi inki youma. Anadinda pa kapepala kopanda ntchito kuti aone, ndipo deti linatuluka bwinobwino, ngati kuti linkangodikira. Anayang'ana kaundula wa chaka chimenecho pa shelefu, sanamutsitse. Anatenga labala wofufutira, n'kumuika pafupi ndi madeti a pensulo aja. Kunja mlonda ankakoka mpando wake kuti akhale pakhonde. Anabweza lamba wa chaka, katatu, n'kupukuta chala chake ku thalauza."

Apa sindinasinthe kanthu kupatula kuchotsa chiganizo chomaliza chomwe chinkafotokoza zomwe kalaliki anamva. Labala wofufutira akhala pomwepo mpaka chigawo chitatha, sakugwiritsidwa ntchito, ndipo wowerenga akumuyang'anabe.

Kukambirana ndi mkulu wa chipinda cha mafayilo kunafunanso kukonza. Poyamba mkuluyo ankakalipa ndi kuopseza. Bambo opuma aja anaseka, anati bwana wochenjera sakalipa, amafunsa mafunso ofatsa. Zinakhala chonchi:

"Amene waona makalatawa ndani?"

"Ine ndekha, bwana."

"Ndipo mwalowetsa kale m'buku?"

"Eya, bwana. Dzulo madzulo."

"Ndi inki?"

"Ndi inki, bwana."

Mkuluyo akukhala chete, kenako akuti, "Chabwino. Siyani apo." Palibe china chomwe akunena. Funso la inki lija likukwanira kusonyeza chomwe iye akanakonda.

Pomwe tinasiyana maganizo

Mathero ndi omwe tinakanganirana kwambiri, ndipo sitinagwirizane kwathunthu. Mlembi ankafuna kuti mayi wamasiye alandire ndalama zake nkhani isanathe. Chifukwa chake chinali chomveka: anati anthu omwe adzawerenge nkhaniyi akhala akubwezedwa m'maofesi moyo wawo wonse, ndipo safuna kubwezedwanso ndi nkhani yopeka. Ine ndinkafuna kuti ithere pa "Siyani apo," memo ili pa desiki ya bwana. Maganizo anga anali akuti kulipidwa kwa ndalama za masiye kumadutsa m'manja ambiri ndipo kumatenga nthawi yomwe nkhani yaifupi ilibe, choncho kuti zitheke m'masamba awiri pafunika chozizwitsa, ndipo tikhala tabwerera komwe tinachokera.

Tinakumana pakati. Patapita masabata awiri, pa kauntala pakubwera mnyamata, mwana wa mayi uja, atatumidwa chifukwa amayi ake sakuyendanso ulendo wautali. Akufunsa funso lomwe amayi ake akhala akufunsa. Kalaliki akutsegula kaundula, ndipo ulendo uno chala chake chikuima pa mzere. Akulemba nambala ya kalata ndi nambala ya fayilo pa kapepala, n'kumupatsa. "Ukawauze amayi kuti kalata yawo ilipo. Akabwera, kapena ukabwera iweyo, muzitchula nambala iyi." Ichi ndi chinthu chachikulu chomwe kalaliki angapereke popanda kunama, ndipo yemwe anayendapo m'maofesi akudziwa kusiyana kwa kufunsa ndi nambala ndi kufunsa wopanda nambala. Mnyamatayo akufunsa kuti kalatayo inali kuti nthawi yonseyi. Ine ndinkafuna kuti kalaliki asayankhe. Mlembi anasankha kuti ayankhe, "Inali konkuno." Ndikuonabe kuti yankholi likufewetsa zinthu mofulumira, chifukwa likupatsa kalaliki mpata wopepesa popanda kulipira kanthu. Koma nkhani ndi yake, ndipo awiri mwa anthu omwe tinawapatsa kuti awerenge anatchula mzere womwewo kuti ndi womwe anaukumbukira.

Nkhani yomaliza inatsika kufika pa mawu pafupifupi 2,100. Zomwe zinachotsedwa kwambiri ndi ulendo wa m'midzi, chigawo cha kuchotsedwa ntchito kwa kalaliki wakale, ndi ndime ziwiri zoyambirira zofotokoza kutuluka kwa dzuwa. Tsopano ikuyamba ndi kalaliki akuuza mayiyo kuti kalata yake siikupezeka, ndipo dirowa ikutseguka pa tsamba lachiwiri, iye akufuna malo oikamo kaundula yemwe wadzaza.

Pali zofooka zomwe zatsala, ndipo ndinamuuza mlembi. Mayi wamasiye akuonekabe kudzera m'maso a kalaliki yekha, ngati munthu wodikira basi. Sitikudziwa chomwe iye anachita pa zaka zitatuzo kupatula kubwera ku ofesi, ndipo kalata yake ikusonyeza munthu wanzeru kuposa momwe nkhani ikumuonetsera. Chinanso n'chakuti ndime yofotokoza momwe kaundula amagwirira ntchito ikadali yolemera pang'ono, ikumveka ngati mawu a bambo opuma aja osati a nkhani. Tinayesa kuimwaza m'zochita za kalaliki, koma wowerenga yemwe sakudziwa kuti manambala ndi otsatana sangamvetse chifukwa chomwe kalaliki akuyang'anira buku la pa shelefu osalitsitsa, ndiye tinaisiya ili ndi ziganizo zinayi. Mlembi akuti akufuna kulemba nkhani ina ya masiku omwewo, yoyankhula mayiyo, ndipo ndamupempha kuti asanayambe akafunse kaye momwe umboni wa imfa umapezekera kwa munthu yemwe anamwalirira kumudzi osati kuchipatala, chifukwa pepala limenelo ndi lomwe linaimitsa kalata ija.